Mayi agonekedwa, ntchito ili patebulo: kalata yopempha tchuthi chadzidzidzi

M'zipatala zathu za boma wodwala sagona yekha. Anamwino amabaya jakisoni, kupereka mankhwala ndi kuyeza, koma womusambitsa wodwalayo, kumumwetsa phala, kumutembenuza usiku ndi kumuchapira zovala amakhala wachibale, uja timamutcha gadiyani. Nchifukwa chake munthu wa pantchito akalandira foni yoti mayi ake atumizidwa ku chipatala chachikulu, nkhani yake sikhala yokazonda madzulo nkubwerako. Amafunika akakhaleko, kaya masiku atatu, kaya sabata, ndipo nthawi zambiri iye yemweyo ndiye amene abale akumuyang'ana pa ndalama ya thiransipoti ndi ya mankhwala ogula.

Pakati pa foniyo ndi basi ya m'mawa pamakhala maola ochepa, mutu uli wobalalika. M'maola amenewo ndi mmene munthu amayenera kulemba imelo yopempha tchuthi. Ambiri amalemba zazitali: mmene matenda anayambira, zimene adokotala anena, kulira kwa achemwali awo pafoni, kenako nkumaliza ndi mawu akuti "ndibwera zinthu zikakhala bwino." Ena salemba nkomwe. Amangouza mnzawo pa WhatsApp kuti "ukawauze abwana," basi ulendo. Onsewa amaganiza kuti kalatayi ndi yoti abwana amve chisoni. Chisoni abwana ambiri amakhala nacho kale, nawonso ali ndi makolo. Chimene amasowa kuti avomere msanga ndi mayankho a mafunso atatu: muchoka liti ndipo mubwera liti, masikuwo achotsedwe pa tchuthi chiti, nanga ntchito yanu yagwidwa ndi ndani. Kalata yoyankha zimenezi imavomerezedwa abwana ali chiimire. Yosayankha imabweretsa mafoni, ndipo mafoniwo amakupezani muli m'wodi mutanyamula beseni.

Funso lachiwiri lija ndi limene anthu ambiri sadziwa yankho lake, choncho tiyambe nalo. Lamulo la za ntchito la Malawi la m'chaka cha 2000, pa gawo 44, limapereka tchuthi cha pachaka cholipidwa: masiku osachepera 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi osachepera 15 kwa wogwira masiku asanu. Gawo 46 limapereka tchuthi cha matenda kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito, masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Tchuthi cha matendachi ndi cha matenda a wantchito mwiniwake, otsimikizidwa ndi kalata ya dokotala, osati a mayi ake kapena a mwana wake. Masiku a maliro ndi a matenda a m'banja lamuloli silinawaike padera. Kumene amapezeka ndi m'malamulo a kampani kapena bungwe limene mukugwirako, ndipo amasiyana kwambiri: ena amapereka masiku pa maliro okha, ena amaphatikiza matenda aakulu, ena alibe kalikonse kolembedwa ndipo zimangodalira mtima wa abwana. Kabuku ka malamulo a pantchito kamene munapatsidwa tsiku loyamba kaja, nkukaponya m'dirowa, kawerengeni lero zinthu zili bwino, chifukwa usiku wa foni simudzakapeza.

Anzathu a kunja ali ndi poyambira pena. Ku Zambia lamulo la za ntchito la 2019 limapereka masiku 12 olipidwa pa chaka pa zovuta monga imfa ya mkazi kapena mwamuna, kholo kapena mwana. Ku Joni lamulo la 1997 limapereka masiku atatu olipidwa pa chaka kwa amene wagwira miyezi yoposa inayi ndipo amagwira masiku osachepera anayi pa sabata, koma ndi a matenda a mwana kapena imfa ya wachibale wapafupi. Kudwala kwa kholo mulibemo, ndipo masiku atatu kwa munthu wochokera ku Mangochi amathera pamsewu. Ku Mangalande munthu ali ndi ufulu wochoka kanthawi kukathandiza amene amamudalira pakagwa zadzidzidzi, koma lamulo silikakamiza olemba ntchito kumulipira masikuwo. Amene ali kutali chonchi ayenera kunena poyera m'kalata yake kuti masiku a lamulo akatha, otsalawo achotsedwe pa tchuthi cha pachaka kapena akhale opanda malipiro.

Nanga bwanji kulemba, foni ilipo? Foni ndiyo yoyamba, ndipo musaidumphe. Imbirani abwana anu enieni, amene amakugawirani ntchito, ngakhale ndi Lamulungu madzulo. Muwauze mwachidule, mumve yankho lawo. Koma mawu a pafoni sasiya phazi. Lamulo lomwe lija, pa gawo 59, limatchula kujomba popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka ngati chimodzi mwa zinthu zimene zingachotsetse munthu ntchito nthawi yomweyo. Zoona, gawo 57 limati munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake, koma podziteteza adzafuna umboni. Abwana amene anati "pitani, pepani kwambiri" akhoza kusamutsidwa, kuiwala, kapena kukana. A mu ofesi yoona za antchito, amene amawerengera masiku ndi malipiro, foniyo sanaimve. Imelo ili ndi tsiku ndi nthawi yake, ndipo ndiyo imasiyanitsa munthu amene ali pa tchuthi ndi munthu amene wangosowa. Kumene kulibe imelo, meseji yolembedwa bwino kapena kalata ya pamanja yosiyidwa mu ofesi imagwira ntchito yomweyo, bola inuyo musunge chithunzi chake.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tione mmene zimakhalira. Mayi wina amagwira mu ofesi ya ndalama pa kampani ina ku Limbe, masiku asanu pa sabata. Lamulungu pa 9 Malichi usiku alandira foni yoti mayi awo, amene amakhala ku Ntcheu, agwa nkufa ziwalo mbali imodzi ndipo awatumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Mchemwali wawo ali ndi mwana wakhanda, sangagone m'wodi, ndipo wodi ya amayi imafuna gadiyani wamkazi. Malamulo a kampani yawo amapereka masiku atatu pa maliro okha. Pa masiku 15 a pachaka anatengapo kale 6, atsala 9. Aimbira abwana, abwana avomera pakamwa. Imelo imene akulemba usiku womwewo ikhoza kukhala yotere. Maofesi ambiri amalemba m'Chingerezi, koma zofunika kukhalamo nzomwezi.

Pa mzere wa Subject: Pempho la tchuthi chadzidzidzi, 10 mpaka 14 Malichi.

"Bwana, monga ndinakuuzirani pafoni usiku uno, mayi anga agonekedwa ku chipatala ku Lilongwe ndipo ndine ndikukawadwazika. Ndikupempha masiku asanu a ntchito, kuyambira Lolemba pa 10 mpaka Lachisanu pa 14 Malichi. Ndidzayamba ntchito Lolemba pa 17 Malichi. Masikuwa achotsedwe pa tchuthi changa cha pachaka, pamene pali masiku 9 otsala. Ngati zinthu zingasinthe ndidzakudziwitsani pofika Lachinayi pa 13 masana. Ntchito yanga ndasiyira a Uje, ndalankhula nawo ndipo avomera. Zonse zimene ndawasiyira zili m'kalata ina imene ndakutumizirani limodzi nawo. Chimene chikufuna inuyo ndi chimodzi: kusaina chilolezo cha malipiro a msonkho pasanafike Lachinayi. Pa zinthu zosadikira ndizipezeka pafoni kuyambira 6 mpaka 7 koloko madzulo. Fomu ya tchuthi ndidzasaina tsiku lobwera, ndipo kalata ya kuchipatala ndidzabwera nayo. Chonde ndiyankheni kuti mwavomera. Zikomo."

Taonani kuti za matendawo pali chiganizo chimodzi chokha. Dzina la nthenda, zotsatira za magazi, mkangano wa pachibale wa amene anachedwetsa wodwala kunyumba, zonsezi sizikhudza chilolezo, ndipo imelo imayenda. Imatumizidwa kwa a zantchito, imasindikizidwa, imalowa m'fayilo imene ena adzatsegula zaka zikubwerazo. Matendawonso ndi a mayi anu, ndipo iwo sanavomere kuti ofesi yonse iwadziwe. Kunena kuti agonekedwa ndipo ndinu gadiyani nkokwanira. Ngati abwana ndi munthu amene mumamasukirana, zambirizo muwauze pakamwa.

Taonaninso kuti tsiku lobwerera latchulidwa, ngakhale mayiyu sakudziwa ngati mayi ake adzakhala atatuluka. Ena amaona ngati kutchula tsiku pa nkhani ya matenda ndi kunama kapena kuyesa Mulungu. Si choncho. Tsikulo silikulonjeza za matenda, likungouza ofesi kutalika kwa nthawi imene ikonzekere kukhala popanda inu. Chimene chimalipatsa mphamvu ndi chiganizo chotsatiracho, choti Lachinayi masana mudzanena ngati mukuwonjezera. Abwana akamva Lachinayi kuti simubwera Lolemba, ali ndi Lachisanu lonse lokonzera. Akamva Lolemba m'mawa, anthu atakuyembekezerani kale, ngakhale abwana okoma mtima amayamba kuwerenga masiku ndi diso lina.

Pali chinthu china chimene chimapweteketsa anthu osalakwa, makamaka pa maliro. Malamulo ambiri a makampani amatchula achibale amene munthu angapatsidwire masiku: mkazi kapena mwamuna, mwana, kholo lomubereka, mwina ndi mbale wa bere limodzi. Koma kwathu kuno munthu akhoza kuleredwa ndi mayi aang'ono kuyambira ali wakhanda, ndipo malume, eni mbumba, ndiwo anamulipirira sukulu. Amene analemba chaka chatha kuti "bambo anga amwalira" ponena bambo aakulu, chaka chino bambo omubereka akamwalira amaoneka wabodza, anthu nkumanong'onezana kuti uyu amaika bambo ake kawiri. Lembani ubale mmene ulili: "mchemwali wa mayi anga, amene anandilera." Ngati ubalewo suli pa mndandanda wa kampani, nenani nokha kuti mukudziwa zimenezo ndipo mukupempha masiku a pachaka, kapena kuti abwana aganizire mwapadera. Pempho loona chonchi kawirikawiri limadutsa. Lokometsera likadzagwidwa limaononga ndi mapempho ena onse a m'tsogolo.

Tsopano tifike pa gawo limene ambiri amalichita mwachisawawa, la kusiya ntchito m'manja mwa anzathu. Liyenera kukhala kalata yakeyake, yopita kwa mnzanu amene akugwirizira, abwana ali pa Cc. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mnzanuyo safunika kuona za masiku anu a tchuthi ndi za m'banja mwanu, ndipo kalata ya ntchitoyi adzaitsegula kambirimbiri sabata yonseyo, choncho isakhale ndi zina zosokoneza.

Musanailembe, muimbireni. Ntchito imene munthu sanavomere simunamusiyire, mwangomuponyera. Zimachitika kuti dzina la munthu lalembedwa mu imelo pakati pa usiku, iye Lolemba lomwelo ali pa ulendo wa ku Zomba kapena nayenso anapempha kale tchuthi Lachitatu, ndipo ntchitoyo imagwera pakati, aliyense akuganiza kuti ili ndi mnzake. Pewaninso mawu akuti "anzanga a mu ofesi athandiza." Chinthu chopatsidwa kwa onse sichigwiridwa ndi aliyense. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina limodzi.

Poti nthawi ndi yochepa, simungalembe ntchito yanu yonse, ndipo sizikufunika. Tsegulani kalendala ndi maimelo a sabata yapitayi, mudzifunse funso limodzi: ndi chiyani chimene chingaonongeke, kubweretsa chindapusa kapena kukwiyitsa kasitomala ngati palibe wochigwira pasanafike tsiku langa lobwera? Zimenezo ndizo zolemba, kuyambira ndi imene tsiku lake lili pafupi. Zotsalazo muzitchule mwachidule kuti zidikire. Kunena zoti zidikire nkofunika ngati kunena zoti zichitike, chifukwa mnzanu wakhama akhoza kutha Lachiwiri lonse akukonza lipoti losafulumira, uku chinthu cha chindapusa chikuyandikira.

Kwa mayi wa ku Limbe uja, sabata imeneyi ili ndi tsiku loopsa. Msonkho umene kampani imadula pa malipiro a antchito umayenera kufika ku bungwe la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo kuchedwa kuli ndi chilango. Pa 14 Malichi ndi Lachisanu, iye ali ku Lilongwe. Kalata yake kwa a Uje ikhoza kuyenda motere:

"A Uje, zikomo povomera. Choyamba ndi msonkho wa pa malipiro a Febuluwale, umene uyenera kulipidwa pofika Lachisanu pa 14. Mawerengero ndinamaliza, ali mu foda ya misonkho pa kompyuta ya tonse, fayilo ya Febuluwale. Chatsala ndi kusainitsa abwana ndi kutumiza ku banki. Chonde chitani Lachinayi, musadikire Lachisanu. Chachiwiri ndi invoisi ya amene amatibweretsera mapepala. Musalipire, katundu anabwera wopelewera mabokosi awiri ndipo ndinawauza kuti tidikira atakwaniritsa. Akaimba adzanena kuti ndinalonjeza Lachitatu, koma ndinalonjeza pokhapokha mabokosiwo atafika. Chachitatu ndi msonkhano wa Lachitatu ndi ofufuza mabuku. A Ngana avomera kukhalapo m'malo mwanga, mapepala ake ali m'fayilo yobiriwira pa shelefu yachiwiri. Ndalama za m'kabati tiwerengera limodzi mawa 7 koloko ndisanakwere basi, makiyi ndikupatsani pomwepo. Lipoti la ngongole za makasitomala ndi kusanja malisiti zidikire ine."

Chinthu chachiwiricho ndicho chimasonyeza kusiyana kwa kalata yabwino ndi mndandanda wamba. Mu kompyuta invoisiyo ikuoneka yoyenera kulipidwa. Zoti mabokosi anapelewera, ndi zoti panali lonjezo la pakamwa, zili m'mutu mwa mayiyu mokha. Ntchito zambiri zimene zimaonongeka munthu akachoka zimaonongekera pamenepa: malonjezo a pafoni, kasitomala amene safuna kuimbiridwa m'mawa, dalaivala amene anauzidwa kale kuti abwere Lachinayi. Polemba chinthu chilichonse nenani pamene chafika, chimene chatsala, kumene mapepala ali, ndiponso chimene mukudziwa inu nokha.

Za ndalama ndi katundu musasiye pa chikhulupiriro, ngakhale mnzanuyo ndi wa mpingo umodzi. Ngati kabati imasunga K400,000, ndipo m'mawa umenewo muli ndalama K153,500 ndi mavocha a K246,500, zonse pamodzi zikukwana K400,000. Lembani manambala atatuwo pa pepala, tsiku ndi nthawi, musaine nonse awiri, aliyense ajambule pa foni yake. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Popanda pepalali, K20,000 ikadzasowa palibe angadziwe ngati inasowa musanachoke kapena mutachoka, ndipo ubwenzi wa zaka umathera pomwepo. Pepalalo limateteza wogwirizirayo koposa mmene limatetezera inu, choncho musachite manyazi kulitulutsa. Chimodzimodzi wa ku sitolo ya katundu ndi makiyi ake, wa mafuta a galimoto ndi makuponi ake. Ngati simungathe kufika ku ofesi, pemphani m'kalata kuti abwana ndi wogwirizirayo awerengere limodzi asanatsegule ntchito.

Msampha wina ndi wa masiku ano. Mabanki ambiri, munthu akamalowa kapena kutumiza ndalama pa intaneti, amatumiza nambala yachinsinsi ya kanthawi kochepa ku foni ya amene analembetsedwa. Ngati foniyo ndi yanu, ndiye kuti a Uje adzakonza zonse bwinobwino Lachinayi, nkukakamira pa sitepe yomaliza, nambala ikulira m'chikwama chanu ku Lilongwe. Njira yachidule imene anthu amathamangira ndi kupereka pasiwedi yawo ndi kumatumiza manambalawo pa meseji. Musatero. Chilichonse chochitika pa dzina lanu chimawerengedwa kuti mwachita ndinu, ndipo m'makampani ambiri kupereka pasiwedi pakokha ndi mlandu. Chofunika ndi kutchula vutoli m'kalata kuti abwana asankhe njira: wina amene ali kale ndi chilolezo ku banki atumize, kapena alipire pa cheke, kapena a makompyuta atsegulire mnzanuyo khomo lakelake. Mafayilo nawonso asakhale pa laputopu imene mwanyamula kapena yokhomedwa m'dirowa. Asamutsireni pamene anzanu angafike, ndipo ngati mpata ulipo muuzeni mnzanuyo atsegule fayilo imodzi muli pomwepo, muone kuti ikutseguka.

Anthu akunja amene amakulemberani nawonso ayenera kudziwa kolowera. Mu Outlook muli Automatic Replies, mu Gmail muli Vacation responder, ndipo zonsezi zimalola kuika tsiku loyamba ndi lomaliza. Mawu ake akhale awiri atatu: sindili mu ofesi kuyambira pa 10 mpaka pa 14 Malichi, za malipiro lemberani a Uje pa adiresi yakuti, zina ndidzayankha pa 17. Za matenda musatchulemo, chifukwa yankholi limapita kwa aliyense, ngakhale otsatsa malonda ndi akuba a pa intaneti.

Pa za kupezeka pafoni, anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Wina, pofuna kuoneka wodzipereka, amalemba kuti "ndizipezeka nthawi ina iliyonse." Ofesi imamukhulupirira, ndipo imamuimbira adokotala ali pa bedi la wodwala wake kufunsa kumene kuli sitepula. Akapanda kuyankha amaoneka ngati waphwanya lonjezo. Wina amangozimitsa foni sabata yonse, chinthu chaching'ono chimene akanayankha ndi mawu amodzi nkuimitsa ntchito. Ola limodzi lotchulidwa, madzulo wodwala atadya, limakwanira, ndipo anzanu amaphunzira kusonkhanitsa mafunso awo. Ngati mukupita kumudzi kumene netiweki imapezeka pachulu pokha, kapena kumene kutchaja foni nkovuta, nenani zimenezo poyera ndipo mupemphe kuti azilemba meseji. Pa maliro a munthu wapafupi kwambiri muli ndi ufulu wonena kuti simupezeka mpaka mwambo utatha, ndipo ofesi yabwino siimbira munthu ali pasiwa.

Nthawi zina palibe ngakhale maola amenewa. Mwana wagundidwa ndi njinga yamoto, mukuthamanga. Pamenepo mizere itatu ya pafoni ikukwana: mwana wanga wachita ngozi, ndikuthamangira ku chipatala, lero sindibwera, ndilemba zonse pofika mawa m'mawa, chofulumira lero ndi chakuti ndipo chili pakuti. Kalata yathunthu itsatire mukangopeza mpata wokhala pansi. Ngati inuyo simungathe, mkazi kapena mwamuna wanu alembe m'dzina lanu. Nchifukwa chake nkwabwino kuti wina kunyumba akhale ndi nambala ya abwana anu.

Nanga abwana akapanda kuyankha? Ngati anavomera pafoni, imelo yanu yanena kale zimenezo m'chiganizo choyamba, ndipo a zantchito ali pa Cc, choncho nyamukani. Ngati simunawapeze nkomwe, imbirani wachiwiri wawo kapena a zantchito, ndipo mulembe mu imelo kuti munayesa kuimba nthawi yakuti ndipo mwalankhula ndi wakuti. Akakana, kapena akati masiku asanu achuluka, musakangane pa imelo. Funsani chimene chikuwadetsa nkhawa. Kawirikawiri chimakhala chinthu chimodzi, monga msonkho wa pa 14 uja, ndipo chikapezeredwa njira masiku amapezeka. Mukhozanso kupempha atatu tsopano, ena muonenso Lachitatu. Kumene kuli bungwe la antchito, nthumwi yake ingathandize, ndipo ofesi ya zantchito ya paboma imamva madandaulo otere.

Tibwerere kwa mayi uja Lachinayi pa 13. Adokotala anena kuti wodwala akhalabe masiku ena, koma azakhali ochokera ku Ntcheu afika Lachiwiri kudzalandira ugadiyani. Iye alembe pa imelo yomwe ija, osayamba yatsopano, kuti nkhani yonse ikhale pamodzi: akupempha masiku awiri owonjezera, pa 17 ndi pa 18, adzayamba Lachitatu pa 19, ndipo walankhulanso ndi a Uje. Kuwonjezeraku kukufuna kuyang'ananso kalendala, chifukwa zimene zinali zodikira sabata yatha mwina tsopano zayandikira, ndipo a Uje anavomera sabata imodzi, osati mpaka kalekale. Masiku ake otsala atsika kuchoka pa 9 kufika pa 2. Apa ayenera kuganiza mofatsa, chifukwa matenda a kufa ziwalo satha ndi kutuluka m'chipatala, ndipo kudzafunika maulendo ena obwerera kwa adokotala. Mwina nkwanzeru kupempha kuti masiku awiri owonjezerawo akhale opanda malipiro, kapena kugawana masabata ndi abale, kusiyana ndi kudya tchuthi chonse mwezi wa Malichi. Asanachoke ku chipatala apemphe kakalata kosonyeza kuti wodwala anagonekedwa kuyambira tsiku lakuti. Kukapeza ali pomwepo nkosavuta, koma kukatsatira ali ku Limbe ndi ulendo wina.

Tsiku lobwerera lili ndi ntchito zake zimene siziyenera kugona. Zimitsani yankho lija la imelo ngati silinazime lokha. Khalani pansi ndi a Uje, akuuzeni zimene zachitika ndi zimene zatsala, muwerengerenso ndalama za m'kabati ndi kusainirana ngati poyamba, makiyi abwerere. Athokozeni pamaso, ndipo abwana amve kuti anagwira bwino, chifukwa anasenza ntchito ya anthu awiri pa malipiro a munthu mmodzi. Kenako pitani kwa a zantchito ndi kalata ya kuchipatala, musaine fomu ya tchuthi, ndipo muone ndi maso anu kuti masiku alembedwa pa mtundu wa tchuthi umene munapempha. Fomu yosasainidwa ndiyo imasandutsa masiku ovomerezeka kukhala kujomba m'mabuku, ndipo zimadzaonekera pa malipiro a kumapeto kwa mwezi.